Kamera ya Mbali Imodzi

Mkulu wa fakitale ya mipando ankadziwika ndi luso lowerenga nkhope. Kasitomala akangophethira kawiri, iye ankadziwa kuti mtengo walowa. Koma lero mayi wogulira hotela ina mipando anali kutali, ndipo anakambirana kuti akumane pa vidiyo. Oda yake inali ya mipando mazana awiri, ntchito yokwanira anyamata onse miyezi itatu.

Mlamu wake, wosoka makushoni, anaika laputopu pa tebulo losapala bwino, napukuta utuchi pa sikirini.

"Alamu, lero zikuvutani," anatero. "Nkhope ya pa vidiyo siphethira."

Atangolonjerana, mayi uja anapepesa kuti netiweki yavuta, nazimitsa kamera yake. Panatsala bwalo lotuwa basi.

Mkuluyo anatchula mtengo: makwacha zikwi makumi asanu pa mpando. Kunali zii. Iye, amene anazolowera kuona munthu akukanda kumutu kapena kumwetulira, analibe nkhope yoti awerenge. Anaganiza kuti mayiyo wakhumudwa.

"Chabwino, makumi anayi ndi asanu ndi atatu."

Zii.

"Kapena makumi anayi ndi asanu..."

Mlamu anamuponda phazi pansi pa tebulo, nadina batani lotseka mawu.

"Mukudzitsitsa nokha ngati mvula! Munthu sanayankhe n'komwe. Komanso kamera yathu ndi yoyaka, akukuonani mukutuluka thukuta."

Mkuluyo anayang'ana kabokosi ka pakona. Zoonadi, munali iye, maso ali tong'o, kolala itanyowa. Zaka zonsezi ankawerenga anzake. Lero wowerengedwa anali iye.

Anatsegula mawu. "Mayi, poti netiweki ikuvuta, nanenso ndizimitsa kamera kuti timvane bwino." Anazimitsa, napuma. "Tsopano ndifunse, poti sindikukuonani: mwakhala chete chifukwa cha mtengo, kapena pali china?"

Mayiyo anaseka. "Bambo, ndimawerengera pa kakyuleta. Makumi asanu aja sanandiopse ayi. Koma poti mwatsika nokha, ndikane bwanji?"

Mlamu anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Mkuluyo sanakane mawu ake, pakuti mawu akatuluka sabwerera. Anangofunsa chimene chinkamudetsa nkhawa mayiyo kwenikweni. Inali nthawi: hotela imatsegulidwa pakatha masabata khumi.

"Makumi anayi ndi asanu ndi mtengo wa miyezi itatu," anatero mkuluyo pang'onopang'ono. "Masabata khumi afuna anyamata agwire ndi Loweruka lomwe. Pamenepo ndi makumi anayi ndi asanu ndi atatu."

Zii uja anabweranso. Ulendo uno mkuluyo anapinda manja, nayamba kuwerenga malata a denga. Atafika pa lachisanu ndi chinayi, mayiyo anati, "Tagwirizana. Nditumizireni imelo lero, masiku alembedwe bwino."

Atatseka laputopu, mlamu anafunsa kuti makumi awiri amene atayika pa mipando khumi iliyonse potsitsa mtengo apita kuti.

"Ndalipirira phunziro la lero," anatero mkuluyo. "Bweretsa nsalu, uyambe kudula."