Mbuzi Zopita Kuphiri Lachitatu

Nambala inatuluka pa kompyuta ya Scholastica inali 7. Anawerengetsanso, naitana mnzake wa pa desiki ina kuti aone. Inali 7 yemweyo, wosachita manyazi.

Scholastica ndiye anali woona za kalondolondo ndi kauniuni m'kabungwe kena kogawa mbuzi zopatsirana m'midzi isanu ndi umodzi ya m'chigwa cha Domasi. Ndondomeko yake anailemba yekha, masamba makumi atatu, ndipo ankainyadira. Indiketa yaikulu, ndiye kuti chinthu choyezera ngati pulojekiti ikuyenda, inali yakuti pa mabanja 100 alionse, ndi angati ali ndi mbuzi zitatu kapena kuposa. Kafukufuku woyambira, uja amati bezilaini, anapeza 9. Cholinga chinali kufika 60 pakutha kwa zaka zitatu. Tsono taonani, chaka ndi theka chatha, mbuzi 400 zagawidwa, zaswana, koma kafukufuku wa pakati akuti 7. Kodi mbuzi zinakwera minibasi pa Songani?

A Malcolm, mkulu wa pulojekiti, sanakweze mawu. Iwo akakwiya amalankhula mofatsa ngati ansembe.

"Lipoti la miyezi isanu ndi umodzi likufunika pa 30, mayi. Opereka thandizo akaona 7, atseka. Ndipo woyamba kupita ndi inu, chifukwa kontirakiti yanu ikutha mwezi womwewo."

Scholastica anachita mantha enieni. Anali atakhala zaka ziwiri pakhomo asanapeze ntchitoyi, ndipo sankafuna kubwererako.

Anaitana ofunsa mafunso amene anachita kafukufuku wa pakatiyo. Mmodzi wa iwo, Lisa, anati, "Ifetu timalemba zimene atiuza. Ndondomeko ikuti funsani mutu wa banja. Tikafika, khola lili pululu! lopanda kanthu, koma manyi ake ofunda. Nanga pa tabuleti pali malo olembapo manyi?"

Tsiku lotsatira Scholastica anakwera njinga yamoto mpaka kwa a Makaiko, wapampando wa komiti ya mbuzi, bambo a tsitsi la imvi amenenso anali mkulu wa mpingo. Anawapeza akusoka thumba pakhonde. Pakhoma, pambali pa kalendala ya mpingo, panali pepala lokutidwa bwino ndi pulasitiki. Analizindikira msanga: tsamba 22 la ndondomeko yake, masiku onse otolera mauthenga, Lachitatu loyamba pa miyezi itatu iliyonse. Ndi iye mwini anagawira a komiti pepalalo, atawaphunzitsa tsiku lonse kuti anthu akumudzi ayenera kutenga nawo mbali pa kalondolondo.

"Limatithandiza kwambiri pepala limeneli, alangizi," anatero a Makaiko mwaulemu. "Lachiwiri timakumbutsana, Lachitatu m'mamawa mbuzi zimakwera kuphiri. Kuli msipu wabwino."

"Abambo! Mukundiuza osaphethira n'komwe?"

"Mwandifunsa ngati mkulu wa mpingo, ndinganame bwanji? Onani, mwana wanga. Kuno mabungwe tinawaona ambiri. La nkhuku linabwera, tinanena zoona kuti zaswana, linatiwombera m'manja n'kupita ku Machinga. Mukamva kuti tili bwino mumachoka. Ndiye ife timayesetsa kuti tisakhale bwino Lachitatu."

"Nanga pa bezilaini paja?"

"Paja ndiye zinakwera zonse, ndi za amfumu zomwe. Asanu ndi anayi munapeza aja ndi amene anali kumaliro, sanamve uthenga."

Scholastica anafuna kuseka, anafunanso kulira. Anawafotokozera kuti ulendo uno zinthu n'zosiyana, kuti 7 atseketsa pulojekiti. A Makaiko anagwedeza mutu ngati akumva, koma anati nkhani yotere ndi ya komiti yonse, ndipo komiti ikumana mwezi wamawa.

Mwezi wamawa! Scholastica anabwerera ku ofesi, natsegula ndondomeko pa tsamba 26 pamene panali chiganizo chimene palibe anachiwerengapo: woona za kalondolondo angathe kukatsimikiza mauthenga mosachenjeza. Lachisanu, dzuwa likungotuluka, iye ndi ofunsa mafunso asanu ndi atatu anali kale m'midzi, pa makomo 120 omwe aja anasankhidwa mwa maere pachiyambi. Sanafunse munthu. Anasuzumira m'makola n'kumawerenga mitu.

Mayo ine, mbuzi! Atonde, zamsoti, zabere, tiana tikudumphadumpha. Mayi wina anayesa kuphimba ziwiri ndi chitenje, koma zinalira. Pofika masana nambala inali 71.

Pakhomo lina, chakumunsi kwa mtsinje, anapeza khola la m'mwamba latsopano, lomangidwa ndendende monga mwa chithunzi cha pulojekiti, mitengo yake yosenda bwino. Linali lopanda kanthu, ndipo pansi pake panalibe ngakhale kanyi kamodzi. Mwini wake, mayi Tisungeni, anali m'gulu lachiwiri, loyembekeza mbuzi 200 zimene bungwe linati ligula chaka chachitatu. Mayiyo anamuyalira Scholastica mkeka, namuonetsa zingwe zitatu zimene anapota kale.

Polemba lipoti, Scholastica anachita zoyenera. Pansi pa 71 anaika mawu ochenjeza: kuti bezilaini inachokera pa zonena anthu pamene nambala yatsopano yachokera pa kuwerenga ndi maso, choncho ziwirizi sizingayerekezedwe, ndiponso kuti 9 uja anali wotsika kuposa zoona. A Malcolm anawerenga, navula magalasi.

"Mayi, mukufuna kuuza anthu kuti nambala imene takhala tikuwatumizira m'lipoti lililonse ndi yabodza? Ndani anasaina bezilaini?"

"Ndine."

"Ndiye ganizani bwino."

Anaganiza bwino. Anafufuta mawu ochenjeza aja yekha, ndi chala chake, ndipo lipoti linapita pa 29, tsiku limodzi nthawi isanakwane.

Yankho linabwera patatha milungu itatu, lodzaza ndi mawu oyamikira. Kuchoka pa 9 kufika pa 71 m'miyezi 18! Opereka thandizo anati sanaonepo zotere. Popeza cholinga chinali chitapyoledwa, anati n'kupanda nzeru kuthiranso mbuzi pamene zadzadza kale. 200 zotsala zija zipite ku boma lina. Kontirakiti ya Scholastica anaiwonjezera zaka ziwiri, ndipo anamupempha kuti akaphunzitse anzake a mabungwe ena ku Lilongwe za katoleredwe kabwino ka mauthenga. Mu ofesi munagulidwa keke.

M'mawa wa ulendowo anaima pa Songani ndi chikwama, kudikira minibasi ya ku Liwonde. Munthu anamugwira pamkono. Anali mayi Tisungeni, dengu la therere pamutu, nkhope yonse kumwetulira.

"Alangizi, ndamva kuti tapambana! Akuti azungu asangalala kwambiri. Ndiye zathu zija zibwera liti? Khola layamba kudyedwa ndi chiswe, koma ndasinthako mitengo iwiri."

Scholastica anamva manyazi. Kondakitala anali akumenya chitseko, kuitana anthu a ku Liwonde. Anafuna kunena kuti mayi, pa 100 paja inu muli m'gulu la 29 otsala, ndipo palibe tsamba lililonse limene limafunsa za iwo. Koma pakamwa pake panatuluka mawu a ku ofesi.

"Tikuziunikabe, mayi."

"Zikomo, alangizi. Muyende bwino. Ine ndikadula mitengo ina."