Masiku Khumi a Chiliza cha Immaculata

Za malipiro anagwirizana Lachiwiri, popanda kukokanakokana. Kondanani, mmisiri wokonza mafiriji akuluakulu a m'masitolo, anatchula mtengo wake, kampani ya ku Gaborone West inatsitsako pang'ono, nkhani n'kutha. Lachinayi anakwera kombi kuchokera ku White City, komwe ankakhala, kukasaina kalata ya ntchito, ali ndi pempho limodzi lotsala kukhosi.

Mkazi wake Immaculata anali atagona chaka ndi miyezi kumanda a kwawo ku Ntcheu, pansi pa mulu wa dothi chabe. Akuchikazi anali atadula kale tsiku loika chiliza mu Ogasiti. Ulendo wa pa basi, kudzera ku Harare ndi ku Tete, unkadya masiku atatu kupita, atatu kubwera.

Mayi woona za antchito, Perpetua, anali wa ku Chipata. Anamukankhira kalata ija patebulo.

"Ba Kondanani, ya kusamuka simuzalandila, mukhala kale muno mu tauni. Koma pali bonasi yoyambila nchito, pula faivi sauzande. Mukachoka chaka chikalibe kusila, mubweza yonse."

"Ndalamayo ikhale, mayi. Ndipatseni masiku khumi mu Ogasiti."

"Muyamba Juni. Livu imabwela pang'ono pang'ono, mwezi na mwezi. Pofika Ogasiti muzakhala na tumasiku tuwili na hafu. Muyenda kukwatila?"

Kondanani anayang'ana zikhadabo zake. "Chiliza cha mayi a kunyumba."

Perpetua anasiya kuseka. Anadzuka kukaitana bwana wa nthambiyo, Rra Seleka, bambo wa imvi wodziwa kumvetsera. Bamboyo atamva nkhaniyo anagwira dzanja la Kondanani ndi manja awiri. Anati bonasi atenge ndithu, chiliza chimafuna simenti; masiku khumiwo adzapita, asadere nkhawa, iye mwini adzaona.

Bwana atatuluka, Perpetua anatsitsa mawu.

"Musasaine lelo. Nibweze kalata kuli beve, balembemo masiku aya. Mukasaina, mphamvu yanu yasila."

Kondanani anapukusa mutu. Munthu wamkulu wakugwira dzanja pa nkhani ya maliro, iwe n'kumuuza kuti alembe? Kumeneko n'kumutcha wabodza pamaso. Kwawo mawu a pa maliro salembedwa, ndipo palibe amawaphwanya.

"Anena kale akuluakulu," anatero.

"Achimwene, pepala siiwala. Anthu ndiye amaiwala."

"Awa sangaiwale."

Anasaina. Bonasi italowa anaitumiza yonse kwa mlamu wake Masauko, amene anagula simenti ndi mwala wolembedwa dzina.

Rra Seleka sanaiwaledi. Kungoti pakati pa Julaye anamusamutsira ku Francistown, ndipo pampando pake panakhala munthu wina, wachinyamata, wosakonda kukweza maso pa kompyuta. Kondanani atapereka fomu ya tchuthi, bwana watsopanoyo anatsegula kalata ya ntchito, nawerenga mpaka pansi. Masiku khumi munalibe. Ananena mwaulemu kuti Ogasiti ndi mwezi wokonzeratu makina kutentha kusanafike, amisiri alipo atatu okha, ndipo munthu amene adakali pa miyezi yoyesedwa sangachoke sabata ziwiri. Masiku awiri ndi theka akhoza kutenga.

Perpetua anaimbira foni ku Francistown. Rra Seleka anavomera kuti analonjezadi, anapepesa kwambiri, koma nthambiyo sinalinso m'manja mwake.

"Nanga ndikangopita?" Kondanani anafunsa.

"Bazakuchotsani nchito. Bonasi mubweza. Na pemiti yanu ili pa dzina ya kampani ino." Mawu akuti ndinakuuzani Perpetua sanawatchule.

Kondanani anaimbira Masauko kupempha kuti tsiku lisunthe, lifike Disembala.

"Alamu, chimera cha mowa taviika kale, abale a ku Joni agula matikiti, abusa tawauza. Disembala ndi mvula, simenti siuma. Tiuze anthu kuti chiyani? Kuti mwini mkazi ali ku mafiriji?"

"Auzeni zomwezo."

Tsiku la chiliza linali Loweruka. Ku Gaborone kunali mphepo ya fumbi ya mu Ogasiti. Kondanani anali kuseri kwa sitolo ina ku Maruapula, atagwada m'chipinda chozizira chosungira nyama, akusintha fani. Foni inanjenjemera m'thumba. Masauko anali atatumiza chithunzi: mwala wotuwa, nsalu yoyera atangoivundukula, anthu ataima mozungulira. Pamalo poyenera kuima mwamuna wa malemu panaima amalume ake a Immaculata, atavala jekete lowakulira.

Kondanani anakulitsa chithunzicho ndi zala kuti awerenge dzina. Linalembedwa bwino, zilembo zonse zinalipo.

Mwini sitolo anasuzumira pakhomo, nafunsa ngati makinawo atheka lero.

"Atheka, rra," anatero Kondanani. Anabweza foni m'thumba, natola sipanala.