Mtengo wa Nsapato

Bambo ake a Chitsirizira ankagulitsa nsalu poyang'ana nsapato. Munthu akalowa m'shopu mwawo n'kufunsa mtengo, maso awo ankayamba atsikira pansi. Wovala nsapato zonyezimira ankamva mtengo wina, wa masilipasi wina. Iwo ankati imeneyo ndiye nzeru ya malonda, ndipo zaka makumi awiri palibe anawatsutsa.

Chitsirizira, mwana wawo womaliza amene tsopano ankayendetsa nawo shopuyo, zinkamunyansa. Koma chimene chinamupsetsa mtima kwenikweni chinali kuchoka kwa Mayi Telala. Mayiwa ankasoka mayunifolomu a masukulu atatu, ndipo oda yawo ndiyo inkagwiriziza shopu chaka chonse. Tsiku lina anatuma mng'ono wawo, atavala masilipasi, kukagula nsalu ya buluu ya mayunifolomuwo, ndipo anaipeza motchipa kuposa mmene iwo, ovala nsapato zabwino, ankagulira. Mayi Telala sanakalipe. Anangosiya kubwera, ndipo masukulu anali atatsala milungu itatu kuti atsegulidwe.

"Bambo, mapanga awiri avumbwitsa," anatero Chitsirizira m'mawa wina, akudula makatoni pakauntala. "Nsalu imodzi, mtengo umodzi."

"Iwe, ukalemba mtengo wadzimanga wekha manja. Nanga akabwera wolemera?"

"Alipira zomwezo, n'kubweranso mawa."

Sanadikire chilolezo. Pansi pa mpukutu uliwonse anamata kakatoni ka zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale woiwala magalasi awerenge: mtundu wa nsalu, mtengo, ndi mawu akuti "pa mita". Mawu awiriwa anawalemba mofiira, chifukwa ndodo yakale ya bambo ake inali ya yadi, yofupikirapo pa mita, ndipo mikangano yambiri inkayambira pamenepo. Ndodoyo anaibisa kuseri kwa chitseko, n'kukhomera tepi ya mita m'mphepete mwa kauntala, poonekera aliyense. Mazipi, mabatani ndi ulusi nazo zinalandira timapepala tawo.

Pazenera anaikapo chikwangwani: "Nsalu ya yunifolomu: 1,000 pa mita. Mamita khumi kapena kuposerapo: 900 pa mita, kwa aliyense. Msonkho uli momwemo."

Bambo ake anachiwerenga kawiri, n'kupukusa mutu. "Waulula zonse ngati munthu woledzera."

Sabata inatha. Anthu ankaima pazenera, ena n'kulowa osachita manyazi ofunsa mtengo wa chinthu chimene sangathe kugula. Koma Mayi Telala osaoneka. Chitsirizira anali ndi nkhawa, inde, koma sanachotse kakatoni ngakhale kamodzi. Ankadziwa kuti njira yawo yopita kumsika imadutsa pakhomo pomwepo, ndiponso kuti maso ali nawo.

Lachiwiri masana, Chitsirizira ali pamakwerero kukonza mashelefu, kunamveka go! go! go! pasimenti. Anali Mayi Telala, atavala nsapato zazitali zakuda, zowala ngati galasi. Pakauntala panali bambo ake okha.

"Moni, bambo. Ya buluu ija mukuchita bwanji lero?"

Chitsirizira anaona maso a bambo ake akutsikira pansi, monga mwa chizolowezi, ndipo anakhala pansapatopo kanthawi ndithu. Akanatha kudumpha n'kuyankha yekha, koma anapitiriza kukonza mashelefu. Ngati mtengo uja ukanafuna iye kuti auteteze nthawi zonse, ndiye kuti makatoni aja anangovutika nawo chabe.

Mkuluyo anatsokomola. Anatembenuka, n'kuloza kakatoni ndi chala.

"Monga mwalembedwamu, mayi. Wani sauzande pa mita."

"Ndikufuna mamita makumi asanu ndi limodzi. Kasitomala wakale ngati ine simundichotserako?"

"Naini handiredi, kuyambira mamita khumi. Zili pazenerapo."

"Nanga mng'ono wanga akabwera mawa?"

"Zomwezo, mayi. Ngakhale abwere wopanda nsapato."

Mayi Telala anaseka mpaka kugwira kauntala. Kenako anawerama, n'kuvula nsapato zija, n'kutulutsa masilipasi m'chikwama.

"Abale, zandipweteka bwanji! Ndachita kubwereka kwa mlamu wanga kuti ndikuyeseni." Anayang'ana m'mwamba. "Tsika, mwana wanga, undiyezere pa tepi yakoyo, ndiziona ndi maso anga."

Chitsirizira anatsika, chimwemwe chili tho. Anatambasula nsalu, n'kuyamba kuyeza mokweza mawu, Mayi Telala akuvomereza mita iliyonse ndi mutu. Atafika pa mita ya khumi anacheukira bambo ake. Anawapeza atatenga cholembera chofiira chija ndi chidutswa cha katoni, ataima patsogolo pa shelefu ya malaya a mvula, yokhayo imene iye anaiiwala.

"Iwe," anafunsa osamuyang'ana, "zilembozi zizikula bwanji?"