Masabata Asanu ndi Limodzi a Atelala

Nkhani iyi anandiuza ndi mkulu wina wa jekete lotuwa amene ndinakhala naye pabenchi pa depoti ya basi, tsiku limene basi yathu inafa giya. Ine woyendayenda ndamva zambiri pamabenchi otere, koma iyi inandikakamira ngati chisoso. Iye anati zinachitikira munthu amene anayandikana naye nyumba.

Munthuyo anali kalaliki wosunga mafayilo pa ofesi ina, ndipo ngakhale kwawo ankangomuti a Fayilo, chifukwa pepala likalowa m'manja mwake silinkapindika kapena kutayika. Anali mwana woyamba. Bambo ake, amene mtaunimo ankadziwika kuti Atelala ngakhale anali atasiya kusoka kalekale, ankakhala naye m'chipinda chakumapeto. Zaka zinali zitapitirira makumi asanu ndi atatu, koma ankadziyendera okha kukagula nyuzipepala, akukangana ndi aliyense amene wavala buluku losokedwa mokhota.

Mmawa wina anaterereka m'bafa. Ekisileyi inaonetsa kuti fupa la ntchafu lathyoka pakhosi pake, pafupi ndi pamene limalowa m'chiuno. Madokotala anachotsa mutu wa fupalo n'kuikapo wachitsulo, koma chibowo cha m'chiuno chimene mutuwo umazunguliramo anachisiya chomwecho. Amene ankagona nawo kuwodi anali mlongo wake wa a Fayilo, chitsirizira m'banjamo, mphunzitsi wa kutauni ina. Ndiye analandira kalata yotulukira kuchipatala, ndiye anamva zonse zimene mayi wa mafizo, wophunzitsa odwala kuyendanso, anafotokoza. A Fayilo tsikulo anali kuntchito.

Madzulo anakhala pathebulo, n'kuvala magalasi, n'kuiwerenga kalatayo ndi pensulo m'manja. Inanena kuti wodwala aziponda ndi mwendo wopangidwa opaleshoniwo mmene angathere, pogwiritsa ntchito choyendera chamiyendo inayi, ndipo aziyenda kangapo tsiku lililonse. Inanena kuti kwa masabata asanu ndi limodzi asakhale pampando wotsika umene mawondo amakwera kuposa chiuno, asawerame kutola chinthu pansi, asapingase miyendo, asapotokolere phazi m'kati, ndipo pogona aziika pilo pakati pa miyendo. Mapiritsi oletsa magazi kuundana amwe masabata anayi. Timawaya totsekera bala tichotsedwe pakatha masabata awiri. Akatentha thupi, bala likatuluka mafinya, katumba akatupa kapena akabanika, abwere msanga. Pakatha masabata asanu ndi limodzi abwere kudzajambulidwanso ndi kuonana ndi dokotala wa mafupa.

Mzere uliwonse umene unali ndi "asa" a Fayilo anaudula mzere kunsi. Wa kuyenda uja anauyang'ana nthawi yaitali, n'kuikapo kachizindikiro ka funso.

Mmawa mwake anadzidzimuka atamva kukuwa. Anathamangira kuchipinda chakumapeto n'kupeza bambo ake ali chiimire, atagwira choyendera, nkhope itachita phulusa, thukuta lili kamukamu, mlongo wake atawagwira lamba kumbuyo.

"Iwe! Ukufuna kuwapha?"

"Achimwene, akhala akuyenda chonchi kuwodi kuyambira tsiku lotsatira opaleshoni. Chizungulire chimabwera akangodzuka, chimatha. Tiyeni bambo, mpaka pakhomo basi."

"Mwana ameneyu ali ndi mtima wa sajeni," anatero Atelala akupuma mwabefu. "Ana a sukulu ake ndimawamvera chisoni."

Atelala anaseka pang'ono, koma a Fayilo sanaseke. Anawanyamula ngati khanda n'kuwagoneka.

Apa muyenera kudziwa chinthu chimodzi. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, a Fayilo anagwa mumtengo n'kuthyoka mwendo. Anakhala m'chikhakha masabata asanu ndi limodzi osaponda pansi, ndipo Atelala ankawabereka kupita nawo kushopu, kuwakhazika pamulu wa nsalu, kuwabereka kupita kuchimbudzi. Mwendowo unapola bwinobwino. Choncho iwo ankadziwa, osati ndi mutu wokha koma ndi fupa lawo lomwe, kuti chothyoka chimafuna kugona.

"Palibe fupa loti lilumikizane apa," mlongoyo anawauza ali kukhitchini. "Lothyokalo analichotsa. Chitsulocho anachimata ndi simenti yakeyake, chinagwira tsiku lomwelo. Choopsa n'kugona, anachita kubwereza kawiri mayi uja."

"Achipatala amafuna bedi. Munthu akaima, amati wachira, atuluke. Iwe sukuwadziwa?"

"Mwawerenga kalatayo?"

"Ndawerenga mapepala zaka makumi atatu, usandiphunzitse. Masabata asanu ndi limodzi alembamo kawiri. Akakwana, akajambulidwa, dokotala akanena kuti zili bwino, ndidzawayendetsa ndekha."

"Masabatawo ndi a kusamala pokhala ndi pogona, achimwene, si a kugona ayi."

"M'nyumba muno wamkulu ndani?"

Funso limenelo lilibe yankho limene mlongo angapereke kwa mchimwene wake wamkulu, m'nyumba ya mchimweneyo, mlamu wake, mkazi wa a Fayilo, akumva. Tchuthi chimene anapempha kusukulu chinali chitatha. Lamlungu, asanakwere basi, anagwada pambali pa bedi n'kunong'oneza bambo ake kuti aziumirira kudzuka. Anapemphanso alamu ake. Alamuwo anangoti, "Ndamva," maso ali kwa mwamuna wawo.

Kalata ija a Fayilo anailowetsa m'pulasitiki, n'kuitsekera m'dirowa ya pamwamba pamodzi ndi mapepala a nyumba. Choyendera anachipinda n'kuchikweza pamwamba pa wadirobu.

Musaganize kuti anali munthu wouma mtima. Palibe wodwala amene anasamalidwa ngati Atelala. A Fayilo ankadzuka mbandakucha kuwapukuta ndi madzi ofunda, kuwameta ndevu, kuwaikira chokodzera. Pilo pakati pa miyendo sankaiwala. Mapiritsi ankawapatsa pa ola lake, n'kuchonga pakalendala. Pa nkhomaliro ankathamanga kuchokera kuofesi kudzawadyetsa ndi sipuni. Anthu obwera kudzazonda ankatuluka akunena kuti mwana ngati uyu ndi wosowa.

Sabata yoyamba Atelala ankavuta. "Tanditsitsira njinga yanga ili pamwamba pa wadirobuyo, ndikaone ngati msewu udakalipo."

"Mupume kaye, bambo. Inu munandibereka ine, pano ndi nthawi yanga."

"Ndinakubereka uli ndi makilo angati? Unali ngati thumba la mabatani."

Sabata yachiwiri anasiya kufunsa. Tsiku lochotsa timawaya a Fayilo anawanyamula kuwalowetsa m'galimoto, n'kupita nawo kukiliniki yapafupi, kumene anawalowetsa pa njinga ya odwala. Namwino anachotsa timawayato, anayamikira kuti bala lauma bwino, kenako anafunsa akulemba, "Agogo akuyenda?"

"Pang'onopang'ono," anatero a Fayilo.

Atelala anamuyang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana kudenga. Sanamuchititsepo manyazi pagulu chibadwire, ndipo sanayambe tsiku limenelo.

Mlongo uja ankaimba foni tsiku lililonse. "Lero ayenda?" A Fayilo ankati akupeza bwino, akudya. Kenako anayamba kuisiya foniyo kuti izingolira.

M'sabata yachitatu, powatembenuza, anaona malo ofiira kunsi kwa msana, aakulu ngati chikhatho. Anapakapo mafuta. Patapita masiku anayi khungu linatseguka. Miyendo imene inkapalasa makina osokera zaka makumi asanu inaonda n'kukhala ngati ndodo za tsache. Chakudya ankangochisunga m'kamwa. Kenako kunabwera kachifuwa, kouma poyamba, pambuyo pake kolira m'kati ngati madzi akuwira mumphika wovundikira.

Akazi awo anati, "Bambo a kuno, mwina tiwakhazike pampando, ngakhale pang'ono."

Tsiku limenelo a Fayilo anatsitsa choyendera chija. Anachipukuta fumbi, anachiimika pambali pa bedi, anawadzutsa bambo awo. Mutu unagwera pachifuwa. Mawondo sanayese n'komwe kulimba. Thupi linali lotentha ngati simbi, ndipo Atelala anawatchula a Fayilo dzina la mng'ono wa Atelalawo amene anamwalira kale, n'kuwafunsa ngati kasitomala wa suti yakuda wabwera.

Kuchipatala, dokotala wachitsikana anamvetsera pachifuwa, anaona chilonda cha kumsana, n'kupempha kalata yotulukira. A Fayilo anaipereka ili m'pulasitiki yake, yosalala ngati yalembedwa dzulo. Dokotalayo anaona mizere ya pensulo, anaona kachizindikiro ka funso kaja.

"Anasiya liti kuyenda?"

"Sanayambe. Kunyumba sanayambe."

"Masabata anayi?"

"Ndimadikira tsiku la ekisileyi."

Dokotalayo sanakalipe. Anati ndi chibayo, chagwira mapapo onse awiri. Munthu wachikulire akagona chagada nthawi yaitali sapuma mokwanira, makhololo amakhazikika pansi, mphamvu zimatha msanga kuposa mmene zingabwererenso. Anati ayesetsa. Anajambulanso chiuno, poopa kuti mwina chitsulo chaguluka, n'kuwaonetsa a Fayilo chithunzicho pakompyuta. Mutu wachitsulo uja unali m'malo mwake, wowala, wosasuntha ngakhale pang'ono.

"Mwendowu ukanawanyamula," anatero.

Mlongo uja anafika tsiku lachiwiri. Sanamudzudzule mchimwene wake, ndipo a Fayilo akanakonda akanawatukwana. Anakhala mbali ziwiri za bedi, botolo la mankhwala likudontha pakati pawo. Tsiku lachisanu masana, nthawi imene anthu amaloledwa kuona odwala, Atelala anatsirizika.

Pamaliro anthu ankagwira a Fayilo dzanja n'kumati, "Munayesetsa, tonse tinaona." Iwo ankangogwedeza mutu.

Tsiku la masabata asanu ndi limodzi litakwana, linali lochongedwa kale pakalendala ndi inki yofiira. A Fayilo anavala tayi, anatenga kalata ija ndi choyendera, n'kupita kuchipinda cha dokotala wa mafupa. Anakhala pabenchi pakati pa nkhalamba zimene zinabwera ndi ndodo, zina zikukangana ndi ana awo kuti asazigwire mkono. Dzina la bambo awo litaitanidwa anaimirira, analowa, n'kuika choyenderacho pakona. Mayi wa mafizo anachitembenuza n'kuyang'ana timphira ta kunsi kwa miyendo yake. Tinali tisanaperepeseke n'komwe.

Mkulu wa jekete lotuwa uja anathera pamenepo, chifukwa basi ina inali itafika. Iye sanakwere, anati akudikira ina.

Zoti nkhalamba imatha kufa ndi kugona sindikayika, ndaziona m'maulendo angawa. Chimene ndikukayika n'chakuti zinachitikira woyandikana naye nyumba. Kalata ija anandilakatulira yonse pamtima, mzere ndi mzere, osaphonya ngakhale mapiritsi a masabata anayi, ndipo sindinaonepo munthu woloweza kalata ya kuchipatala ya bambo a mnzake. Ndikuganiza kuti a Fayilo anali iye. Koma sindinamufunse, ndipo mwina ndikumunamizira.