Ma CV Atatu a Sipanala

Kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba imene ankagwirako ntchito itatsekedwa, Sipanala anasamukira kwa mlongo wake wamkulu. Anati akhalako mwezi umodzi wokha. Anamupatsa kachipinda kosungiramo masutukesi ndi njinga ya mwana, ndipo mwezi uja unabereka inzake.

Dzina la Sipanala analipata ali wamng'ono, chifukwa sankatha kuona chinthu chikugwedera osachimanga. Atangofika anakonza mpopi wa kubafa, chitseko cha kabati ndi wailesi ya m'galimoto. Chemwali wakeyo anali nesi, ndiye masiku amene iye ankalawirira kuchipatala, ntchito zimene kale zinkagwera mwamuna wake zinayamba kugwera Sipanala: kuperekeza mwana kusukulu, kuphika, kusita malaya. Mlamu wakeyo anayamba kunenepa. Loweruka ankadzuka n'kupeza galimoto yotsuka kale, ndipo mpira anali ndi woonera naye.

Mlamuyo ankagwira ntchito mu ofesi yolemba anthu ntchito pakampani ina ya inshuwalansi, ndipo nthawi ya chakudya sankalephera kuphunzitsa anthu.

"CV si mbiri ya moyo wako yoti aiwerenge pamaliro," ankatero uku akuloza ndi foloko. "Ife tikalandira mulu wa mapepala timangoyang'ana pamwamba pa tsamba loyamba. Chimene tinapempha chikapanda kuoneka pamenepo, basi, wapita. Munthu wanzeru amawerenga kaye zimene abwana akufuna, kenako n'kuziika pamaso pawo."

Chemwali ankangoti, "Inde abambo," n'kumapitiriza kudyetsa mwana.

Sabata ina Sipanala anapeza ntchito zitatu zolengezedwa, zonse zotseka Lachisanu. Kampani yogawa mankhwala m'zipatala inkafuna woyang'anira katundu. Sukulu ina inkafuna dalaivala wa basi ya ana. Hotela ina inkafuna wolandira alendo. Anabwera nazo kwa mlamu wake ali mwetumwetu, chifukwa ngakhale sankadandaula, kugona pafupi ndi masutukesi kunali kutamukwana.

"Zisiyeni m'manja mwanga, alamu," anatero Mlamu. "Iyi ndi ntchito yanga."

Lamlungu masana anakhala pa tebulo ndi laputopu. Mlamu ankafunsa, Sipanala ankayankha, ndipo chilichonse chinalembedwa. Zaka zisanu ndi chimodzi kosungira katundu, kulandira, kuwerenga ndi kutulutsa. Zaka zitatu akuyendetsa lole yaing'ono, kenako basi ya antchito, osagunda ngakhale nkhuku. Zaka ziwiri m'shopu ya mafoni, kupepesa makasitomala okwiya. Satifiketi ya kasungidwe ka katundu, laisensi, maphunziro a chithandizo choyamba, ngakhalenso kwaya ndi timu ya mpira ya kuntchito. Zinakwana masamba asanu.

"Iyi ndiye mayi," anatero Mlamu. "Siitumizidwa kwina kulikonse. Ntchito yake ndi kubereka ana. Tipanga atatu, aliyense masamba awiri, aliyense wofanana ndi kumene akupita."

Mpaka pamenepo mtima wake unali woyera. Koma Sipanala atadzuka kukasita malaya a sabata yonse, Mlamu anamuyang'ana kudzera pakhomo. Anaona mmene ankayalira kolala, mmene ankakolekera malaya motsatana, loyera la Lolemba kutsogolo. Anakumbukira masiku aja ankathamanga ndi mwana kumanja, chikwama kumanzere, tayi m'thumba. Anayang'ananso masamba asanu aja, n'kuona kuti munthu ameneyu ntchito aipeza ndithu. Anapuma mozama, n'kuyamba kulemba.

Sananame ngakhale liwu limodzi. Anangosankha. CV ya udalaivala anaiyamba ndi mawu akuti mwini wake ndi munthu wodziwa mafoni amitundumitundu, ndipo laisensi anakaiika kumapeto kwa tsamba lachiwiri, pansi pa kwaya. Ya kukampani ya mankhwala anaidzaza ndi misewu imene Sipanala anayendamo, zaka zisanu ndi chimodzi zija n'kuzipanikiza mu mzere umodzi. Ya kuhotela inafotokoza bwinobwino mmene anasanjira matumba a simenti. Lachitatu anazisindikiza kuntchito n'kubwera nazo m'kafayilo kokongola.

"Mutumize mawa," anatero. "Musasinthe kanthu."

Sipanala anathokoza ndi manja awiri. Sanakayike. Munthu wa mu ofesi ndi amene amadziwa.

Lachinayi Chemwali sanapite kuntchito. Mwamuna wake atatuluka, anakhala pa tebulo ndi tiyi, n'kutsegula kafayilo kaja pongofuna kuona. Anawerenga zimene sukulu inkafuna: laisensi ya basi, mbiri yopanda ngozi, chithandizo choyamba. Anawerenga CV yake. Anabwereranso ku zimene sukulu inkafuna. Atafika pa matumba a simenti a kuhotela, anaika kapu pansi kuti angataye tiyi, n'kuseka mpaka misozi.

Mwamuna wake ankamudziwa. Akanakhala kuti walakwitsa pamodzi, akanati ndi kutopa. Koma kulakwitsa katatu, mwaluso chonchi, panafunika katswiri.

Anaitana mlongo wake, amene anali kukolopa khitchini.

"Siya chokolopera, bwera ndi laputopu. Mayi uja alimo?"

"Alimo, achemwali. Koma alamu ati ndisasinthe kanthu."

"Alamu ako ntchito yawachulukira, ana awa awasokoneza mitu. Tiwathandize. Koma usawauze, angachite manyazi."

Anatenga cholembera n'kuyamba ndi kampani ya mankhwala. Anadula mzere pansi pa chilichonse chimene ankafuna: kulandira katundu, kuwerengera zotsala, kutulutsa kaye zoyandikira kutha mphamvu, kulemba malipoti. Kenako anafufuza m'masamba asanu aja.

"Kuntchito kuja munali ndi zinthu zotha mphamvu?"

"Penti, guluu, ngakhale simenti. Ndinkatulutsa zakale poyamba."

"Nanga bwanji sizikuoneka? Lemba, ndipo ulembe m'mawu omwe iwo alemberawa."

Anasintha mizere itatu ya pamwamba kuti iyambe ndi zaka zisanu ndi chimodzi zija ndi satifiketi. Za udalaivala anazisiyira mizere iwiri, za mafoni umodzi, kwaya n'kuichotsa. Sipanala atalimba mtima anafuna kuwonjezera pulogalamu ya pakompyuta imene kampaniyo inatchula, ngakhale iye anangoionapo kwa mnzake.

"Ayi," anatero Chemwali. "Lemba imene unkagwiritsa ntchito. Akakakukhazika pa kompyuta, ine sindikakhalako."

CV ya kusukulu inayamba ndi laisensi, basi ya antchito ndi chithandizo choyamba. Ya kuhotela inayamba ndi shopu ya mafoni ndi makasitomala okwiya aja. Masiku oyambira ndi osiyira ntchito anawasiya ofanana m'zonse zitatu, ndipo palibe ntchito imene anaichotseratu, kuopa kusiya zaka zopanda kanthu zoti anthu azifunsa. Pa CV iliyonse anasankha anthu omuchitira umboni oyenera, ndipo Sipanala anawaimbira kaye foni kuwapempha. Fayilo iliyonse anaipatsa dzina la ntchito yake, ndipo asanatumize anawerenga mokweza kalata iliyonse yofunsira ntchito kuti dzina la hotela lisapite kusukulu.

Atatumiza yomaliza, Sipanala anatenga mapepala a mlamu wake n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Achemwali, kutopa kumeneku..."

"Kakolope, madzi akuuma."

Madzulo Mlamu anafunsa ngati zatumizidwa. Atamva kuti inde, anadya mokondwa, n'kumulimbikitsa mlamu wake kuti ntchito masiku ano n'zovuta, asadzakhumudwe akapanda kuyankhidwa, pakhomo pano ndi pake.

Hotela sinayankhe. Koma patapita masabata awiri sukulu inaimba, ndipo tsiku lotsatira kampani ya mankhwala nayo inaimba. Sipanala analengeza nkhaniyi pa chakudya. Mlamu anatsamwa, mpaka mwana anamubweretsera madzi.

"Akuitanani? Onse awiri?"

"Onse awiri, alamu. Mayi amene anaimba kuchokera kusukulu wati atangoona pamwamba pa tsamba loyamba anadziwa kuti ndine amene akufuna."

"Pamwamba pa tsamba loyamba," anabwereza Mlamu pang'onopang'ono.

"Manja anu ndi odala, abambo," anatero Chemwali akumuwonjezera ndiwo. "Si paja mumatiphunzitsa tsiku ndi tsiku."

Mlamu anayang'ana mkazi wake, n'kuyang'ana mlamu wake. Nkhope zonse ziwiri zinali zaulemu kwambiri. Kufunsa sakanafunsa, chifukwa akanayamba ndi kufotokoza chimene chikumudabwitsa. Anangoti, "Ndi ntchito yathu imeneyo," n'kumwa madzi aja.

Sipanala analembedwa kukampani ya mankhwala. Inali kutsidya lina la mzinda, ndiye mwezi utatha anapeza kanyumba kufupi ndi kuntchito. Tsiku losamuka Mlamu anamunyamulira katundu pa galimoto, ndipo njira yonse ankangomukumbutsa kuti Loweruka azibwera kudzacheza.

Chemwali sanathere pomwepo. Analemba pa gulu la achibale la pafoni kuti mwamuna wake ndi katswiri, kuchokera pa CV imodzi anapanga zitatu, ziwiri n'kuitanidwa, ndipo aliyense wofuna thandizo asachite manyazi. Loweruka lotsatira, mpira usanayambe, pakhomo panafika mwana wa azakhali amene anangomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi, msuweni wina wokonza mafiriji, ndi amalume opuma ntchito amene anabwera ndi masatifiketi awo onse m'jumbo. Aliyense anali ndi ntchito zingapo zofunsira.

Mlamu anatsatira mkazi wake kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Amayi, tinene zoona. Munaziona zija?"

"Ziti, abambo?"

"Mukudziwa."

"Ndinangoona matumba a simenti akupita kuhotela, ndiye ndinawabweza panjira." Anamupatsa thileyi ya makapu. "Alendo anu akudikira. Ndipo awa muwalembere bwino, chifukwa amalume anena kuti akapanda kupeza ntchito abwera kudzakhala m'kachipinda kaja. Iwo sasita, komanso mpira amati ndi phokoso."

Mlamu anaima kaye ndi thileyi m'manja. Kenako anapita pabalaza, anatsegula laputopu, n'kupempha amalume kuti ayambe kufotokoza kuchokera pa ntchito yawo yoyamba, osasiya kanthu.