Thukuta la Botolo

Lazaro Sakala anali atalemba zikwangwani m'Katete zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Nkhuku za pa bucha, mitu ya pa babashopu, matayala, zonsezi zinatuluka m'dzanja lake. Choncho mai Fridah Mwanza atamuitana kuti ajambule chakumwa chawo cha jinja pa khoma la shopu yawo, loyang'ana mseu waukulu, iye sanafunse zambiri. Mwambo wa Kulamba unali pafupi, ndipo maiwo ankafuna kuti anthu opita ku mwambowo ku Mkaika aziima.

Masiku awiri ntchito inatha: botolo lalitali kuposa munthu, pambali pake tambula yokhala ndi ayisi. Lazaro anadontheza timadontho toyera kuyambira pa chitsekero mpaka pansi, tonse tofanana, totalikirana bwinobwino.

Akutsuka maburashi, mai wina wogulitsa nzimbe anaima n'kuyang'ana.

"Kodi botololi ladwala nthomba?"

Anyamata a njinga anafa nazo kuseka. Lazaro anapitiriza kutsuka maburashi ake.

Mai Fridah anatuluka, nayang'ana khomalo nthawi yaitali. Sanakalipe.

"A Sakala, lowani mukhale."

Anatsegula furiji, natulutsa botolo limodzi, naliika pa tebulo pafupi ndi zenera.

"Musaligwire. Ndiuzeni zimene mukuona."

"Ndikuona botolo, mai."

"Dikirani."

Posakhalitsa galasi lija linachita mbuu ngati lapumiridwa mpweya. Kenaka mu mbuu muja munayamba kuoneka timadontho ting'onoting'ono ngati mapira, tina tikukumana n'kukula.

"Madzi amenewa sachokera m'kati," anatero maiwo. "Ndi chinyezi cha mumpweya, chikakhudza pozizira chimasanduka madzi. Onani pa khosi, pomwe chakumwa sichinafike. Pauma kale. Inu munapaka mpaka pa chitsekero."

Dontho limodzi linalemera, n'kutsetsereka, likumeza anzake m'njira. Linasiya kamzere kowala, kokhotakhota, ndipo m'kamzeremo mtundu wa jinja unaoneka bwino.

"Munthu waludzu amayang'ana apo," anatero. "Ine ndapukuta mabotolo awa zaka zambiri, ndikudziwa."

Lazaro anasendeza mpando, nkhope pafupi ndi galasi. Anaona chinthu chimene chinamudabwitsa. Dontho silinali loyera. Mbali yoyang'ana kuzenera inali yoderapo, yokhala ndi kachizanga kamodzi koyera, pomwe mbali inayo ndiyo inkawala, ndipo kuseri kwake kunali kamthunzi. Anapempha pensulo.

Mai Fridah anaponya ayisi mu tambula n'kuthira chakumwa. Thovu linakwera ndi kaphokoso, n'kutsika msanga.

"Ayisi wanu pakhoma wakhala pansi ngati njerwa. Ayisi samira. Amayandama, kamutu kokha kunja. Ndiye ndi woyera pakati pokha, m'mbali muli mbee."

"Nanga tinthovuti?"

"Taonani nokha."

Sitinali tomwazikana ngati mmene iye anajambulira. Tinkanyamuka pa malo amodzimodzi m'khoma la tambula, n'kukwera pa mzere ngati mikanda, tating'ono pansi, tokulirapo pamwamba. Tina tinakangamira kunsi kwa ayisi.

Lazaro anamwa mabotolo atatu tsiku limenelo, chifukwa lililonse likangotha mphindi zochepa madontho ankayenderera n'kusokonekera, ndiye ankafuna lina. Atatha botolo lachitatu, mai Fridah anamuuza kuti akafuna botolo lachinai akatunge madzi ku mpopi.

M'mawa mwake anafafaniza zonse ndi penti yachikasu, nayambanso. Anayamba ndi mbuu, akugunditsa siponji yonyowa pang'ono. Madontho aakulu anangojambula makumi awiri, lililonse ndi mthunzi wake, ena atatsamirana. Mizere yotsetsereka anaika iwiri. Khosi analisiya louma. Anatha masiku anai, ndipo tsiku lina anatsika pa makwerero n'kuwoloka mseu kakhumi kuti aone mmene woyendetsa galimoto angaonere.

Lachisanu, fumbi la Ogasiti lili kobo, minibasi yochokera ku Sinda inaima patsogolo pa shopu. Munatsika azimai a mpingo atavala zitenje zofanana. Mmodzi, wachikulire, anapita kukhoma, nadutsitsa chala pa botolo lija, kenaka n'kuyang'ana chalacho.

"Ndimati mwathira madzi," anatero. "Tipatseniko chozizira chomwecho."

Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa. Mai Fridah anagwira botolo la m'furiji ndi kuseri kwa dzanja, napukusa mutu.

"Lero ayi, amai. N'chozizirako pang'ono chabe. Ngati mufuna, tengani, koma sichifika pa chapakhomacho."

Azimaiwo anagula ndithu, namwa ali chiimire, akudandaula za magetsi. Minibasi itanyamuka, mai Fridah anatuma uthenga kwa mlongo wawo Brian, yemwe amayendetsa kalole, kuti pobwera kuchokera ku Chipata Loweruka m'mawa atenge mabuloko a ayisi asanu ndi limodzi, awakute ndi utuchi ndi masaka. Lazaro anamangirira makwerero pa njinga yake, nalowera kumsika, komwe munthu wina ankafuna chikwangwani cha chigayo.