Jekete la Aphunzitsi

Lachiwiri m'mawa, mphunzitsi wina akupita kukagula jekete pa kaunjika, mkazi wake, yemwe ndi telala, adamupatsa malangizo anayi. Atembenuze jeketelo n'kukoka misoko, aliyang'ane padzuwa kuti aone pamene nsalu yapyapyala, anunkhize m'khwapa ngati muli nkhungu kapena thukuta lakale, ndipo apise m'matumba asanalipire.

Mphunzitsiyo adafika pa kaunjika belo la zovala litangotsegulidwa. Adasankha jekete labuluu, ndipo ankalikweza kumphuno pamene wogulitsa adafuula.

“Aphunzitsi a mwana wanga! Inunso mumanunkhiza ngati ife amphawi? Tengani bwana, ili ndi giredi wani.”

Amayi atatu amene ankasankha madiresi adacheuka. Iye adalitsitsa msanga, nalipira osalitembenuza. Kunyumba adangoti, “Ndaona zonse, amayi,” n'kulipachika.

Lachisanu, oyendera sukulu awiri adakhala kumbuyo kwa kalasi kuti aone ngati mphunzitsiyo akuyenera kukwezedwa pantchito. Atatambasula mkono kuti alembe deti pamwamba pa bolodi, msoko wa m'khwapa udati phwee mpaka m'chiuno. Ana adagwira pakamwa. Mphindi makumi anayi zonse adaphunzitsa chigongono atachipanikiza kunthiti, akulemba m'munsi mwa bolodi mokha. Woyendera wina adalemba kuti ophunzira akumbuyo sankaona.

Masana, mkazi wake adalitembenuza jeketelo, nalikweza pawindo. M'mbali mwa msoko wonsewo kuwala kunkadutsa ngati pasefa.

“Bambo, singano ilibe pogwira apa. Mudakokadi?”

Iye adayang'ana choko chimene chidatsalira kuzala zake. “Ayi,” adatero motsitsa mawu. “Kunali anthu.”